Mmene Mayi Tembenu Anandiphunzitsira Kuchedwa

Tadala mwana wanga, abambo ako amandiseka akandipeza ndikulemba izi. Akuti munthu wopuma pantchito amakhala wa imvi, osati ine wa mwana kumsana. Koma ntchito yolembedwa ndinaisiyadi. Mlongo wako atabadwa, msana unakana zoimirira tsiku lonse, ndipo sindikuona ngati ndidzabwereranso. Ndiye ndisanaiwale, ndikufuna udzawerenge wekha ukadzakula kuti amayi ako anagwirapo ntchito yomwe ankaikonda kwambiri, ndiponso kuti iweyo unalimo m'nkhaniyi ngakhale sunkadziwa kanthu.

Chaka chimene unayamba kuyenda

Satifiketi yanga ya zophikaphika inakhala nthawi yaitali m'sutikesi isanandipezetse ntchito. Tsiku limene Mayi Tembenu anandiimbira kuti ndikayambe pa bekare yawo ku Zingwangwa, ndinavina ndekha m'nyumba mpaka iwe unayamba kulira poganiza kuti ndapenga. Anali mayi wamkulu thupi, wa mawu okhuthala, ndipo tonse tinkawatchula kuti Madamu. Bekare yawo inali yaing'ono: uvuni umodzi wamagetsi, makina okandira ufa omwe ankalira ngati chigayo, ndi kauntala yogulitsira kutsogolo. Pa uvuni panali a Jusa, bambo wa nthabwala zosatha, amene ankafika kusanache kudzaphika buledi. Ine gawo langa linali masikono ndi makeke.

Uyenera kumvetsa mmene uvuni uja unkagwirira ntchito, apo ayi zonse ndilembe apazi uziona ngati zachibwana. Masiku amenewo magetsi ankakonda kuzima chakummawa dzuwa litakwera, ndipo jenereta ya Madamu inkangokwanitsa filiji ndi mababu. Choncho nthawi ya uvuni tinkagawana ngati nyama. Buledi wa a Jusa akatuluka, masikono anga ankayenera kukhala ali pa thireyi kale kuti alowe uvuni usanapume. Ine ndikachedwa, a Jusa akanatha kulowetsa mabanzi m'malo mwake, koma mabanzi ndi a yisiti, amafuna kukandidwa msanga kuti afufume. Munthu sangawaganize uvuni uli kale pululu. Ankayenera kudziwiratu.

Ine ndinkachokera kwathu kuno ku Bangwe. Ndinkakusiya kwa amayi ako aakulu a Felista, n'kukwera minibasi mpaka ku Limbe, kenako ina yodutsa ku Soche. Milungu yoyambirira ndinkafika ngakhale Madamu asanabwere. Kenako mafuta anasowa m'tauni. Mmawa wina ndinapeza pa siteji pali khamu, minibasi ikubwera imodziimodzi, anthu akulimbirana pakhomo. Paja ine nkhawa ndinabadwa nayo. Ndinaima pambali n'kuyamba kujambula voisi pa WhatsApp.

Kwathu tinaleredwa kuti munthu wamkulu sumufikira ndi nkhani ngati ukuponya mwala. Agogo ako, a ku Chikwawa aja, akanakubweza pakhomo ukanayamba ndi zomwe wabwerera usanapereke moni. Ndiye ndinayamba bwinobwino. Mwadzuka bwanji Madamu, kunyumba adzuka bwanji, mwendo uja uli bwanji. Ndinafotokoza kuti ndinadzuka nthawi yabwino, kuti iwe unakana phala, kuti a Felista anachedwa kutsegula chitseko, kuti pa siteji pali anthu ngati pamaliro, kuti kondakitala wina wandiponda. Ndinapepesa, ndinapepesanso. Zoti ndichedwa kwambiri ndinazinena kumapeto kwenikweni, ndipo nthawi yofikira sindinaitchule n'komwe. Nditatumiza ndinamva mtima kupepuka, ndinkaona kuti ndachita zaulemu.

Nditafika, magetsi anali atazima kale. Mu galasi la pa kauntala munalibe sikono ngakhale imodzi, munalibenso mabanzi, ndipo amayi awiri oikitsa zokagulitsa ku sukulu anali atabwerera. Madamu anali atakhala pa thumba la fulawa, foni ili m'manja.

"Rozina, bwera. Tikumvera wailesi yako."

Anaitsegula pamaso panga. A Jusa anayamba kuyankha moni mmodzimmodzi. "Tadzuka bwino achemwali, kaya inu. Mwendo uliko. Phala lija anamaliza mwanayo?"

Ine manyazi. Ndinati, "Madamu, ndimafuna mumvetse kuti sindinachite dala."

"Ndani wanena kuti wachita dala? Mafuta asowa dziko lonse, ine ndili ndi maso. Koma taona, manja anga anali mu ufa, makina akulira. Voisi ndingaimve bwanji? Ndinaona yalowa, ndinati ndimva kenako. Ukanalemba mawu ochepa ndikanangosuzumira pa foni, a Jusa akanakanda mabanzi. Takhala tikukudikira, aliyense akuti ali pafupi, ali pafupi."

"Ndimaopa kuti meseji yaifupi ioneka mwano."

"Mwano ndi uvuni wotentha wopanda kanthu. Moni udzandipatsa ukafika, sindithawa."

Anandiuza zomwe ankafuna, ndipo ndikuzilemba mmene ananenera. Ukangodziwa kuti uchedwa, lemba pomwepo, osadikira kuti nthawi ikwane kaye. Lemba, osajambula. Yamba ndi nthawi yomwe ufike, ndipo uwonjezereko pang'ono, chifukwa munthu wochedwa amadzinamiza yekha. Unene chomwe anzako achite podikira. Chifukwa chake chikhale cha mawu awiri atatu. Zikasinthanso m'njira, lembanso. Mawu oti "ndili m'njira" anawaletsa pa bekare yonse. Ankati m'Blantyre muno munthu amanena kuti ali m'njira ali m'bafa.

Chaka chomwecho, nyengo ya maukwati

Tadala, sindingathe kukufotokozera mmene kanthu kakang'ono kameneka kanandimasulira. Kale ndikachedwa ndinkakhala m'minibasi ndikuyeserera zokanena. Tsopano ndinkalemba mizere iwiri, n'kuika foni m'chikwama, n'kumaonera panja. Meseji yoyamba ndinailemba motere: "Madamu, ndifika hafu seveni, minibasi zavuta. A Jusa alowetse mabanzi, masikono ndidzaphika magetsi akabwera." Ndinaiwerenga kangapo, inkaoneka yamaliseche. Yankho linabwera la liwu limodzi: "Chabwino." Nditafika ndinapeza mabanzi akununkhira, Madamu akundifunsa za iwe ngati palibe chachitika.

Miyezi yotentha ija maoda a makeke aukwati anachuluka, ndipo ndi pamene ndinadziwika. Ndinkakonda ntchito imeneyi kuposa china chilichonse. Kusalaza kirimu mpaka aziwala, kuumba maluwa a shuga, kusanjikiza keke pamwamba pa inzake mtima uli m'mwamba. Shuga akasowa tinkayendayenda m'mashopu a ku Limbe, majarini akakwera Madamu ankang'ung'udza tsiku lonse, koma keke inkatuluka basi.

Loweruka lina tinali ndi keke yaikulu ya ukwati wa ku Chilomoni. Ndinali nditaiphika dzulo lake, kunatsala kukongoletsa. Ndili pa Limbe, lole inafera pamsewu, magalimoto anaima. Ndinalemba msanga: "Madamu, ndifika eyiti koloko, msewu watsekeka. Tulutsani batala mu filiji afewe, musefe shuga wa ayisingi. Makeke asachotsedwe m'mapepala." Batala wozizira samenyeka, ndipo kumufewetsa pamoto kumaononga kirimu, amafuna azifewa yekha. Nditafika ndinapeza zonse zili pa tebulo, batala wafewa bwino, ndinangovala epuloni n'kuyamba. Eni ukwati anabwera keke itatha. Mchemwali wake wa mkwatibwi anaizungulira akuijambula, kenako anandikumbatira ndi ufa wanga womwe. A Jusa anati, "Achemwali awa akachedwa ntchito imayenda bwino kuposa akafulumira. Madamu, muziwauza azigona."

Ndi nthawi imeneyo pamene Madamu anandiuza zoti akufuna kutsegula shopu yachiwiri ku Bangwe, pafupi ndi msika. Anati, "Ndikufuna munthu wa komweko, wodziwa makeke. Tiona." Anangoti tiona, koma ine usiku wake ndinali nditapenta kale shopuyo m'mutu. Kuyenda wapansi kupita kuntchito, osalimbirananso minibasi. Kutha kuthamangira kunyumba masana kudzakuona. Ndinaifuna shopu imeneyo kuposa mmene ndinafunirapo chinthu.

Chaka chotsatira, miyezi yozizira

Kuzizira kutayamba, iwe unayamba kutsokomola. Poyamba tinkati chimfine. Kenako mmawa wina ndikukuveka juzi ndinamva m'chifuwa mwako mukulira ngati kakherere, nthiti zikulowa mkati ukamakoka mpweya. Kuchipatala anati ndi mphumu. Anakupumitsa mankhwala pa makina, anatipatsa kopopera m'kamwa, n'kutiuza kuti tizibwera mwezi ndi mwezi kudzakuona, komanso kuti kupuma kukavuta tisadikire. Ndipo kunkavutadi, makamaka kukacha ndi chifunga. Abambo ako nthawi imeneyo ankagwira ntchito yoyenda ndi malole, a Felista ankaopa kukutengera okha kuchipatala, ndiye wopita ndinali ine.

Ndinkachita zimene ndinaphunzitsidwa. "Madamu, ndifika naini koloko, zavuta kunyumba. A Jusa alowetse mabanzi." Mlungu wotsatira, meseji yomweyo. Mlungu winawo, kawiri. Ndinkatumiza nthawi yabwino, nthawi yofikira sindinkaiphonya, uvuni sunakhalepo wopanda kanthu. Ndikafika ndinkapereka moni, n'kuvala epuloni. Madamu sankafunsa, ine sindinkanena.

Ndikuuze zoona zake, mwana wanga, panali zifukwa ziwiri. Choyamba, ndinkakhulupiriradi kuti Madamu safuna nkhani zazitali. Chachiwiri ndi mantha. Ndinkaganiza kuti akadziwa zoti ndili ndi mwana wodwaladwala, anena kuti mayi wotere sangamusiyire shopu. Ndiye meseji yaifupi ija inasanduka pobisalira panga. Ndinayamba kuona kuti "Chabwino" uja wasiya kubwera. Ankangowerenga.

Tsiku lina tikutsuka mathireyi kuseri, a Jusa anasiya nthabwala.

"Achemwali, ndikufunseni. Mwapeza ntchito kwina?"

"Ine? Ayi. Bwanji?"

"Kapena mukuphika makeke anu kunyumba mmawa?"

Ndinasiya thireyi m'madzi. "Ndani akunena zimenezo?"

"Palibe akunena. Koma munthu ukamuuza kuti zavuta kunyumba, zavuta kunyumba, osamuuza chavuta, amadzipezera yekha. Madamu dzulo amalankhula ndi mtsikana wina wa kutchalitchi kwawo za shopu ya ku Bangwe ija. Akuti Lachisanu abwere adzaonane. Ine sindinakuuzeni kanthu."

Limeneli linali Lachitatu. Lachinayi kunacha ndi chifunga, ndipo iwe unadzuka ukubanika.

Ndinakhala pa benchi ya kuchipatala, iwe uli pamiyendo panga, chigoba cha makina chili kumphuno, foni ili m'dzanja linalo. Ndinayamba kulemba zonse. Za tsiku loyamba kuchipatala lija, za mankhwala, za abambo ako, za mantha anga, zoti sindinabe kasitomala wa munthu. Meseji inatalika mpaka chiyambi chake sichinkaonekanso. Ndinaiyang'ana n'kuganiza za Madamu nthawi imeneyo: manja mu ufa, makina akulira, akufuna kudziwa chinthu chimodzi, alowetse chiyani mu uvuni. Nkhani ya moyo wa mwana wanga aiwerenge chothamanga, pakati pa thireyi ndi thireyi? Ndinaifufuta. Ndinalemba yaifupi ya masiku onse. Chala chili pa batani ndinaimanso, chifukwa yomweyo ndi imene inkandilanditsa shopu.

Pa benchi pomwepo ndi pamene ndinaona kuti ndakhala ndikusakaniza zinthu ziwiri. Meseji yaifupi ndi ya uvuni, imathandiza anthu kudziwa chochita mmawa umenewo. Kuchedwa kwa kamodzi, kwa minibasi kapena mvula, kumathera pomwepo, palibe chofotokoza. Koma kuchedwa kobwerezabwereza, komwe kudzachitikanso, komwe kukukhudza zimene munthu akufuna kukusungitsa, kumafuna kukhala pansi. Osati pa foni, osatinso pa nthawi ya ntchito. Ndinalemba kuti:

"Madamu, ndifika teni koloko, ndili kuchipatala ndi Tadala. A Jusa alowetse mabanzi. Kuchedwa kwanga kwa masiku ano kuli ndi chifukwa chimodzi, ndipo n'chachitali. Ndikupempha mundipatse mpata lero tikazimitsa uvuni ndikufotokozereni."

Yankho linabwera ndisanabweze foni m'chikwama. "Mwana kaye. Tilankhula."

Ndinakusiya kwa a Felista utagona, ukupuma bwino. M'minibasi sindinayeserere zopepesa ngati kale. Ndinkakonza zinthu zomwe Madamu angafune kudziwa: vuto ndi chiyani, limabwera liti, ndi masiku ati omwe ndingadziwiretu, ndi ati omwe sindingadziwe, ndipo ntchito iziyenda bwanji masiku amenewo.

Masana, uvuni utazima, anandiitanira m'kachipinda kosungira fulawa n'kutseka chitseko. Ndinawapatsa moni wonse, anayankha wonse. Kenako ndinafotokoza kuyambira pachiyambi. Ndinawauza kuti tsiku la mwezi ndi mwezi ndimalidziwiratu, ndingamawauze mlungu usanafike. Za mmawa wa chifunga sindingalonjeze, koma kuchipatala anati kukatentha zimachepa, ndiponso tikamapopera mankhwala mosadumphitsa. Ndinati makeke ndingamaphike masana a dzulo lake, zouma za masikono ndingamaziyezeretu madzulo kuti wina angothira mkaka n'kudula.

Anandimvetsera osandidula, zomwe sizinali khalidwe lawo. Nditamaliza anati, "Miyezi yonseyi mwana akudwala, iwe n'kumandilembera kuti zavuta kunyumba?"

"Munati chifukwa chizikhala cha mawu awiri atatu."

"Za minibasi, Rozina. Za kondakitala wokuponda. Ukufanizira mwana ndi kondakitala?" Anapukusa mutu. "Ukudziwa zomwe ndimaganiza ine? Ndimati mtsikanayu ndamuphunzitsa makasitomala anga, tsopano akuwaphikira kuseri. Ndinafika pofunsa amayi a ukwati wa ku Chilomoni aja ngati unawaimbirapo."

"Ndinkaopa kuti mukadziwa simundipatsa ku Bangwe."

"Ndiye unaona kuti ndikapanda kudziwa ndikupatsa?"

Anasisita mwendo wawo uja. Kenako anayamba kufunsa, ndipo mafunso ake anali a ntchito. Kuchokera kunyumba kwako kufika pamsika ndi kutali bwanji? A Felista akhoza kumubweretsa mwana ku shopu zitavuta masana? Utsi wa mbaula za pamsika sungamupweteke? Ndinayankha zonse mmene ndinkadziwira. Pomwe sindinkadziwa ndinanena kuti sindikudziwa, ndikafunsa kuchipatala.

"Mtsikana wa mawa uja abwerabe," anatero. "Abwera chifukwa shopu singatsegulidwe ndi munthu amene mwina ali pa benchi ya kuchipatala. Iyeyo azitsegula mmawa ndi kugulitsa. Koma makeke sadziwa, ndipo sanayang'anirepo shopu. Woyang'anira ndi iwe. Makiyi akhala awiri. Masiku ako a chipatala uzimuuza iyeyo, ine uzingondidziwitsa."

Ndinagwada pa simenti paja, mawondo mu fulawa. Anati, "Dzuka, udetsa yunifolomu yanga." Anatsegula chikwama chawo, anafufuza pakati pa mankhwala a mwendo ndi korona, n'kutulutsa kiyi womangidwa ndi kansalu kofiira. "Pita ukaone malowo lero, undiuze pomwe uvuni ungakhale. Usaike pafupi ndi khomo."

Potuluka ndinapeza a Jusa akupukuta tebulo lomwe linali loyera kale, pafupi penipeni ndi chitseko. "Ine sindinamve kanthu, abwana," anatero.

Sindikumbuka ulendo wobwerera. Ndikungokumbuka kuti kiyi ndinamufumbata njira yonse mpaka anandidinda m'manja, ndipo ndinkamwetulira anthu osawadziwa. Ndinadzera kwa a Felista, ndinakupeza wadzuka ukudya nthochi. Ndinakuveka juzi ndi chipewa, ndinakubereka, n'kuyenda wapansi mpaka kumsika. Loko anali wolimba, ndinalimbana naye mayi wina wogulitsa tomato akundilangiza mbali yopotokolera. Chitseko chitatseguka ndinapeza chipinda chopanda kanthu, makoma osapenta, windo limodzi loyang'ana kumsewu. Ndinakutsitsa kuti ndiyeze khoma ndi mikono yanga.

Iwe unaima pakati pa chipindacho n'kunena kuti "amama," ndipo makoma anakubwezera mawu. Unadabwa. Unanenanso mokweza, kenako mokweza kwambiri, ukuthamanga kuchoka khoma ili kupita linalo. Ndinayamba kukuletsa, paja mmawa womwewo unali pa makina. Koma ndinamvetsera m'chifuwa mwako, munalibe kakherere. Ndinakhala pansi pa fumbi paja n'kukusiya ukuwe mmene ungathere.